Mpatseni ndalama m'manja, msika akasankha yekha

Sabata yatha tinali ndi mtsutso m'kalasi mwathu, ndipo mutu unali wakuti: kupatsa anthu osauka ndalama kumachepetsa umphawi kuposa kuwatsitsira mtengo wa chakudya. Ine ndinali mbali yovomereza. Aphunzitsi anatipatsa mphindi zowerengeka, moti zina ndinachita kudumpha. Apa ndalemba zonse monga ndinazikonzera, kuti nanunso muweruze.

Wapampando, oweruza athu, aphunzitsi, anzanga a mbali yotsutsa ndi nonse muli muno, ndakupatsani moni.

Ndiyambe ndi kulongosola zomwe tikukanganirana, kuopa kuti tingathe ola lonse tikulankhula zinthu ziwiri zosiyana. Sabuside ya chakudya ndi pamene boma lagula chakudya, monga chimanga, n'kumachigulitsa pa mtengo wotsika kuposa wa pamsika, kusiyana kwake likulipira lokha. Kuno kwathu timaidziwa kudzera m'misika ya ADMARC. Sindikunena za feteleza wotsika mtengo ayi, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Kupereka ndalama ndi pamene boma lasankha mabanja ovutikitsitsa n'kumawapatsa ndalama pa nthawi yoikika kuti agule chomwe akuona kuti n'chofunika. Chitsanzo chathu ndi Mtukula Pakhomo, yemwe anayamba m'boma la Mchinji mu 2006 ndipo lero ali m'maboma onse 28.

Tonse muno tikugwirizana kuti wosauka athandizidwe. Funso ndi lakuti: ngati thumba la boma ndi limodzi, ndipo si lalikulu, ndi njira iti yomwe imafikitsa zambiri kwa munthu amene watsikitsitsa? Ndili ndi mfundo zitatu, kenako ndiyankha zomwe ndikudziwa kuti anzangawa akonzekera kundiponyera.

Mfundo yoyamba: sabuside imathandiza amene ali kale ndi ndalama m'thumba.

Tiyeni tichite masamu pang'ono. Manambalawa ndi ongoyerekeza, ndawasankha kuti asavute kuwerengera, koma mutha kuikapo mitengo ya kwanu n'kuona ngati yankho lisintha.

Tiyerekeze mudzi wa mabanja 100. Mwa iwo, 20 ndi ovutikitsitsa: agogo olera ana amasiye, amayi amasiye, anthu odwaladwala. Boma lapatula K1,000,000 yothandizira mudziwu m'mwezi wa Januwale. Pamsika chimanga chili pa K1,000 pa kilo.

Njira yoyamba, boma likuti ligulitse chimanga pa K600 pa kilo. Ndiye kuti pa kilo iliyonse likutayapo K400. Koma chimanga sichiyenda chokha. Pafunika lole, mafuta, matumba, nkhokwe, mankhwala a anankafumbwe, mlonda ndi kalaliki wa pa sikelo. Tingoti zonsezi zikudya K100 pa kilo. Kilo iliyonse tsono ikudyera boma K500, kutanthauza kuti miliyoni ija ikwanira makilo 2,000, omwe ndi matumba 40 a makilo 50.

Tiyerekezenso kuti zonse zayenda mwachilungamo, palibe wolowerera pamzere, banja lililonse lagula makilo 20. Banja lililonse lapulumutsa K8,000. Mabanja 20 ovutikitsitsa aja onse pamodzi apindula K160,000. Mwamva? Pa miliyoni yonse, yomwe yafika kwa anthu amene timafuna kuwathandiza ndi K160,000 basi. Pa kwacha iliyonse, 16 tambala.

Ndipo apa ndawakomera mtima anzangawa, chifukwa kuti ugule makilo 20 pa K600 uyenera kukhala ndi K12,000 m'manja tsiku lomwelo. Agogo amene apeza K3,000 atapalira m'munda mwa eni agula makilo 5 okha, n'kupulumutsa K2,000. Makilo 15 omwe awasiya agula ndani? Amene ali ndi ndalama. Sabuside ili ngati mphatso yomwe umalandira pokhapokha utayamba walipira pakhomo. Wolipira zambiri alandira zambiri, wopanda kanthu abwerera chimanjamanja.

Tsopano njira yachiwiri. Miliyoni yomweyo, tichotsepo K100,000 ya kalembera wa mayina ndi yotumizira ndalama. Yatsala K900,000. Tikagawira mabanja 20 aja, lililonse lilandira K45,000. Pa mtengo wa pamsika, osatsitsa n'komwe, amenewo ndi makilo 45. Yerekezani ndi K8,000 ija, yomwe ndi makilo 8.

Wina ati, nanga mabanja 80 enawo si osauka? Zoona, ambiri mwa iwo akuvutikanso. Chabwino, tigawire onse 100. Banja lililonse lilandira K9,000, yomwe ikuposabe K8,000, ndipo palibe amene wafunsidwa kuti ayambe wapeza K12,000. Kaya musankhe ochepa, kaya mugawire onse, ndalama ikupambanabe.

Mwina mukuti mtengo wonyamulira ndaupeka kuti undikomere. Manambala ndi anga, inde, koma kusiyanako kunayezedwa. Mu 2011 bungwe la kafukufuku la IFPRI pamodzi ndi WFP anayerekeza njira izi m'dziko la Ecuador. Kufikitsa thandizo la madola 40 kwa banja limodzi kumadya pafupifupi madola 11 likakhala chakudya, koma pafupifupi madola 3 likakhala ndalama. Kumeneko chakudyacho chinali chogawa ulere, osati chogulitsa motchipa, komabe lole ndi nkhokwe n'zomwezo.

Mfundo yachiwiri: chinthu chimodzi chikakhala ndi mitengo iwiri, chimatuluka pakhomo la kuseri.

Izi sizifuna kuti anthu akhale oipa mtima kwambiri. Ngati thumba likugulidwa K30,000 pa depoti, pomwe kuseri kwa mpanda likugulitsidwa K50,000, ndiye kuti pa thumba lililonse pali K20,000 yongodikira woitola. Venda atuma anyamata asanu kukaima pamzere. Boma likaika malire kuti munthu aliyense agule makilo owerengeka, venda angowonjezera anyamata. Chimanga chija chibwerera pamsika pa mtengo wokwera, ndipo ndalama ya boma yathera m'thumba mwa wamalonda.

Dziko la India lili ndi ndondomeko yaikulu kwambiri yogulitsa mpunga ndi tirigu motsika mtengo. Akatswiri a zachuma awiri, Jean Drèze ndi Reetika Khera, omwe ndi oikira kumbuyo ndondomekoyi, osati adani ake, anawerengera kuti m'chaka cha 2011 mpaka 2012 pafupifupi magawo 42 pa 100 a chakudyacho sanafike kwa eni ake. Zinthu zasinthako kuchokera nthawi imeneyo, koma taonani kukula kwa bowo lomwe anayenera kutseka.

Palinso mtengo wina omwe sulembedwa m'mabuku a boma: mzere. Tonse tinaonapo anthu atandanda pa depoti kuyambira mbandakucha, ena atagona pomwepo. Miyezi ya njala, Disembala mpaka Malichi, ndi yomweyonso yopalira ndi kubandira. Tsiku lomwe mayi waima pamzere ndi tsiku lomwe udzu ukukula m'munda mwake. Akakhala wa kutali, awonjezere ya kabaza kupita ndi kubwera. Akafika n'kumva kuti chatha, bwerani mawa, watayiratu zonse. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chimanga chotchipa chomwe chili ku depoti ya makilomita 15 ndi fodya wa pachala.

Kodi ndalama sizibedwa? Zimabedwa, sindikana. Pamakhala mayina a anthu oti kulibe, pamakhala achibale a wolemba mayina. Koma onani kusiyana kwake. Ndalama ikamapita pa foni kapena ku akaunti, pamatsala umboni: yapita kwa yani, zingati, tsiku liti. Wolandira amadziwa kuti amayenera kulandira zakutizakuti, ikaperewera amadziwa pomwepo. Thumba la chimanga likasowa pakati pa nkhokwe ndi depoti, agogo a kumudzi sangadziwe n'komwe kuti linali lawo.

Mfundo yachitatu, yomwe kwa ine ndi yaikulu: umphawi si njala yokha.

Mutu wathu ukunena za kuchepetsa umphawi, osati kungodutsa mwezi wa Febuluwale. Ndikupatseni chitsanzo cha kwathu. Azakhali anga ndi amasiye, akulera ana anayi. Munda ali nawo, mphamvu ali nazo. Koma chaka chilichonse ufa ukatha mu Disembala amasiya munda wawo n'kupita kukagwira ganyu kwa ena kuti ana adye usiku umenewo. Munda wawo amaupalira mochedwa, zokolola zimachepa, ufa umathanso msanga chaka chotsatira, ganyu uja n'kuyambiranso. Ndi msampha umenewo. Chimanga chotsika mtengo chingapangitse kuti ndalama ya ganyu igule makilo ochulukirapo, koma sichiwachotsa m'munda mwa eni, chifukwa ndalama yogulira ikufunikabe.

Ndalama yobwera pa nthawi yodziwika imathyola msamphawu. Ofufuza atayang'ana mabanja a Mtukula Pakhomo ku Mchinji anapeza kuti anachepetsa ganyu, n'kugula makasu, zikwakwa, nkhuku ndi mbuzi. Kenako pakati pa 2013 ndi 2015 panachitika kafukufuku wamkulu ku Salima ndi ku Mangochi, wochitidwa ndi yunivesite ya North Carolina pamodzi ndi Centre for Social Research ya ku Zomba. Anayerekeza midzi yomwe inayamba kulandira ndi yomwe inali isanayambe. Mabanja olandira ankadya bwino, ana ambiri anali pa sukulu, ziweto zinachuluka. Ndipo anawerengera kuti pa K1 iliyonse yomwe banja lalandira, phindu lake pakhomopo limafika pafupifupi K1.69.

Zitheka bwanji kuti kwacha ibereke? Palibe matsenga. Nkhuku imaikira mazira. Mbuzi imaswa. Munda wopaliridwa pa nthawi yake umabereka kuposa wopaliridwa mochedwa. Kilo ya chimanga chotchipa ikadyedwa yatha, mawa uyambirenso.

Ndipo mwini nyumba ndiye amadziwa chomwe chikumupweteka mwezi umenewo. Pakhomo pena ndi chimanga, inde, ndipo ndalama zambiri za mabanja otere zimapitadi ku chakudya. Koma pena chimanga chilipo, chasowa ndi yunifolomu ya mwana wa Sitandade 6 yemwe akuchita manyazi kupita ku sukulu. Pena ndi thiransipoti yopitira ku chipatala. Pena ndi ndiwo, poti mwana sakula ndi nsima yokha, amafuna nyemba, usipa, dzira. Komanso si Amalawi onse amadalira chimanga: ku Nkhata Bay ambiri amadya kondowole. Sabuside ya chimanga imayankha funso limodzi kwa anthu omwe ali ndi mafunso khumi.

Tsopano ndibwere kwa anzanga otsutsa. Ndikudziwa mipeni itatu yomwe anola.

Woyamba: ati ndalama zikathera ku kachasu. Ndikudziwa, aliyense muno ali ndi nkhani ya bambo wina amene analandira m'mawa, madzulo ali dzandidzandi. Anthu otero alipo. Koma ndondomeko ya dziko sitiyeza ndi bambo mmodzi. Mu 2014 akatswiri awiri a Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, David Evans ndi Anna Popova, anasonkhanitsa kafukufuku wa ku Africa, Asia ndi Latin America pa funso lomweli. Anapeza kuti mabanja olandira ndalama sawonjezera kugula mowa ndi fodya, ndipo m'malo ambiri amachepetsa. Komanso tisanamizane: chidakwa chikagula chimanga chotchipa chingathe kuchigulitsa, kapena kumwera ndalama yomwe chapulumutsa. Thumba la chimanga silisintha khalidwe la munthu.

Wachiwiri: ati ndalama zaulere zimabweretsa ulesi. Choyamba, Mtukula Pakhomo amasankha mabanja ovutikitsitsa omwe alinso opanda anthu okwanira ogwira ntchito, pafupifupi mabanja 10 pa 100 alionse. Agogo a zaka 75 olera zidzukulu zitatu mukuopa kuti asiya ntchito iti? Chachiwiri, Abhijit Banerjee, yemwe pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel pa zachuma, pamodzi ndi anzake anaunika ndondomeko zisanu ndi ziwiri za mtunduwu m'mayiko osauka ndipo sanapeze umboni woti anthu amasiya kugwira ntchito. Zomwe tinaona ku Mchinji ndi munthu kuchoka m'munda mwa eni kupita m'munda mwake. Umenewo ndi ulesi?

Mpeni wachitatu ndi wakuthwa, ndipo sindiuzemba. Ati ndalama sidyedwa. Mitengo ikakwera, K45,000 ija isanduka pepala, pomwe kilo ya chimanga imakhalabe kilo. Apa akunena zoona. Tonse tikukumbukira Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Aliyense amene ankalandira ndalama yosasintha anadzuka atasauka. Walira mvula walira matope: amene akufuna njira ya ndalama avomerenso vuto limeneli.

Koma mankhwala ake alipo, ndipo anayesedwa konkuno. M'nyengo ya njala ya 2006 mpaka 2007, bungwe la Concern Worldwide linapereka ndalama kwa mabanja a ku Dowa. Ndalamazo zinkasiyana malinga ndi kukula kwa banja, ndipo mwezi uliwonse ankazisintha potengera mtengo wa chimanga m'misika ya m'deralo. Chimanga chikakwera, ndalama imakwera. Chikatsika, imatsika. Choncho vuto si ndalama, vuto ndi ndalama yomwe yaiwalidwa pa mlingo umodzi zaka zingapo. Ndipo musaganize kuti sabuside imathawa kukwera kwa mitengo. Chimanga chikakwera pamsika, boma limataya zambiri pa kilo iliyonse, ndiye limagula makilo ochepa. Zotsatira zake ndi zija timaziona: malire a makilo atsika, mzere utalika, depoti ikhala yopanda kanthu. Mtengo wotsika umakhalabe pa chikwangwani, koma chimanga palibe.

Ena ati kugawa ndalama pakokha kumakweza mitengo, poti anthu ambiri akuthamangira katundu yemweyo. Izi zimatengera msika. Ku Siaya, m'dziko la Kenya, bungwe la GiveDirectly linapereka pafupifupi madola 1,000 ku banja lililonse mwa mabanja oposa 10,000, ndipo ofufuza anatsatira mitengo m'misika ya m'deralo. Inangosuntha pang'ono zedi, osafika ndi 1 peresenti yomwe. Chifukwa chake n'chosavuta: ogula atachuluka, amalonda anabweretsa katundu wambiri, a chigayo anagaya kwambiri, ndipo ngakhale mabanja omwe sanalandire anapindula ndi malonda.

Koma pali malo pomwe izi sizingachitike, ndipo ndi bwino tidziwe kuwazindikira. Musanagawe ndalama, funsani mafunso atatu. Kodi pamsika wapafupi chakudya chilipo? Kodi msewu ndi wodutsika kuti amalonda abweretse china chikatha? Kodi ogulitsa ndi angapo, kapena ndi mmodzi yemwe angakweze mtengo mmene wafunira? Mayankho akakhala oti ayi, ndalama sithandiza. Namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi misewu m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, munthu wotsekeredwa ku Nsanje kapena ku Phalombe sakanadya meseji ya pa foni. Pamenepo tumizani chakudya, mwachangu. Chimodzimodzi chaka chomwe dziko lonse lilibe chimanga: boma liyenera kutsegula nkhokwe zake kapena kuitanitsa kunja.

Koma taonani, anzanga, chimenecho ndi chithandizo cha pangozi, ndipo chimakhala chogawa ulere, osati chogulitsa. Munthu amene nyumba yake yapita ndi madzi alibe K600 yogulira kilo. Ngakhale pa tsiku loipitsitsa, chomwe chimapulumutsa si sabuside. Ndipo mutu wathu sukufunsa za sabata ya chigumula. Ukufunsa za umphawi wa chaka ndi chaka, m'midzi momwe msika uli pompo, chimanga chili mbwee pa mphasa za mavenda, koma anthu akugona ndi njala poti alibe chogulira.

Chofooka china ndichivomere ndekha anzangawa asananene. Kusankha mabanja n'kovuta. M'mudzi momwe pafupifupi aliyense ndi wosauka, kusankha 10 n'kusiya 90 kumabweretsa kaduka, ndipo ena oyenera amatsala. Ndalama zikachedwa miyezi ingapo, banja limalowa m'ngongole za katapila podikira, phindu lija n'kuchepa. Zimenezi n'zofunika kukonza: mayina aziwerengedwa poyera pamsonkhano wa mudzi, pakhale kokadandaula, malipiro azibwera pa tsiku lake, ndipo mabanja olandira achuluke. Koma ndalama zochulukitsira mabanjawo zichokera kuti? Pa masamu aja, zili mu 84 tambala ija yomwe sabuside imamwaza panjira ndi kwa anthu omwe sanali oyamba pa mndandanda.

Wapampando, nditsirize ndi azakhali anga aja. Mutawaimika pano n'kuwafunsa kuti, mayi, tili ndi thandizo lanu, musankhe: tikutsitsireni K400 pa kilo ku depoti, mukapeze nokha yogulira ndi ya kabaza, mukaime pamzere, kapena tikupatseni ndalamayo m'manja pa tsiku lodziwika, mukagule pamsika wa pafupi, yotsala muone nokha chochita. Sindikukayika chomwe angayankhe. Akhala akuyendetsa banja la anthu asanu ndi ndalama ya ganyu kwa zaka zambiri, ndipo palibe mwana amene anamwalira ndi njala kapena kusiya sukulu. Pa nkhani yotambasula kwacha, palibe muno amene angawaphunzitse.

N'chifukwa chake ndikupempha oweruza ndi nonse kuti muvomereze mutuwu.